Kamashini kati 186, mutu ukuzungulira: choyamba n'chiyani?

Masiku ano nyumba zambiri kuno ku Riverside zili ndi kamashini kopimira bipi. Ena anagula ku famase m'tauni, ena anatumiziridwa ndi mwana wa ku Joni, ena amabwereka kwa aneba monga timabwerekana ayironi. Sizodabwitsa. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse mu Zambia ali ndi bipi yokwera. Mukawerenga mitu mu minibasi imene mwakwerayi, anthu atatu kapena anayi nkhaniyi ndi yawo, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Vuto n'lakuti kamashini kamangopatsa manambala. Sikakuuzani chochita. Ndiye munthu wadzuka ndi chizungulire, chimene anzathu Abemba amati ulunshingwa, wamanga lamba pamkono, kamashini kalemba 186/104, ndipo nyumba yonse yasokonezeka. Wina athamangira adyo, wina mandimu, wina akuti "mwani awiri mapilisi, itsike msanga." Ine ndikuti pa mphindi imeneyo nambala ibwere pambuyo. Choyamba yang'anani munthuyo.

Chifukwa chake n'chakuti bipi yokwera payokha siikonda kubweretsa chizungulire. Anthu ambiri amayenda ndi 170 kapena 180 kwa miyezi, kugulitsa pa Chisokone, kukwera basi ya ku Ndola, osamva kanthu. Chizungulire chikabwera pamodzi ndi nambala yaikulu, kawirikawiri pali china chimene chayamba, ndipo bipi yakwera chifukwa cha chinthucho. Nthawi zina ndi mantha chabe, pakuti munthu amene akuona nyumba ikuzungulira mtima wake suungakhale phee. Koma nthawi zina ndi sitiroko imene yayamba kale, ndipo thupi lakweza bipi kuti magazi afike ku mbali ya ubongo imene ikusowa. Kamashini sikangasiyanitse ziwirizi. Maso anu ndi makutu anu angathe, ndipo zimatenga mphindi imodzi.

Muuzeni akhale pansi, kenaka amwetulire kapena aonetse mano. Kodi pakamwa pakhota, mbali imodzi yagwa? Muuzeni akweze manja onse awiri kutsogolo, atsinzine, awerenge kufika 10. Kodi dzanja limodzi likutsika lokha? Muuzeni akambe chiganizo chonse, ngakhale chakuti "lero ndi Lachitatu, tili ku Kitwe." Kodi mawu akutuluka ngati a munthu woledzera, kapena akusowa mawu amene amawadziwa? Mufunseni ngati akuona zinthu ziwiriziwiri kapena ngati mbali imodzi kwada. Pomaliza, mutamugwira, aimirire ayese kuponda masitepe angapo. Ichi chomalizachi anthu amachiiwala, koma kwa munthu wa chizungulire ndicho chachikulu. Sitiroko ya kumbuyo kwa ubongo, kumene kumayendetsa kaimidwe ka thupi, ikhoza kusiya nkhope ili bwino ndi manja ali ndi mphamvu, koma munthu sangaime yekha, akugwera mbali imodzi, akusanza, mwina akutsamwa ndi malovu ake. Achibale amati "ni malaria" kapena "adya choipa," maola n'kumapita.

Chimodzi chokha mwa zimenezi chikapezeka, nkhani ya kupima yatha. Chimodzimodzi ngati pali kuwawa kapena kulemera pachifuwa, kubanika, mutu woopsa umene wabwera mwadzidzidzi woti sanaumvepo, kusokonezeka maganizo, kukomoka kapena kunjenjemera ngati khunyu. Apa sitifunsa kuti kamashini kati chiyani. Ngakhale kalembe 150/90, munthu amene pakamwa pakhota apite kuchipatala chachikulu pomwepo. Kwa ife a ku Riverside ndi Kitwe Teaching Hospital, ija akuluakulu akali kuitcha Kitwe Central, ndipo a ku Ndola ndi Ndola Teaching Hospital. Usiku kapena Sande musadikire kuti kiliniki ya m'komboni itsegule.

Ndikambeko za ulendo, popeza ambiri a ife galimoto yathu ndi minibasi. Minibasi siyenda isanadzale, ndipo kondakita sangasiye kuitana anthu pa Jambo Drive chifukwa cha amalume anu. Imbani 992 ya ambulansi, koma wina athamangire takisi kapena aneba a galimoto nthawi yomweyo, ndipo chimene chafika choyamba mukwere. Wodwalayo asayendetse yekha, olo akakamire bwanji. Ngati akugona tulo kapena akusanza, mugonekeni cham'mbali kuti masanzi asalowe m'mapapo. Musamupatse madzi, phala kapena piritsi lililonse, chifukwa sitiroko imaononga kameredwe ndipo chimene mwamwetsa chikhoza kupita kolakwika. Asipirini makamaka ayi. Sitiroko ili mitundu iwiri, ya mtsempha wotsekeka ndi ya mtsempha wophulika, ndipo pabwalo zimaoneka chimodzimodzi. Chimene chimasiyanitsa ndi sikani ya mutu. Asipirini pa mtsempha wophulika amaonjezera kukha magazi. Chinthu chimodzi chaulere chimene adokotala adzakuthokozani nacho ndi nthawi: yang'anani pa foni, mudziwe ora limene munthuyo anali bwino komaliza. Ngati wadzuka nazo, nthawiyo ndi pamene anapita kukagona, osati pamene mwamupeza.

Amayi apakati ali ndi malamulo awoawo. Kwa iwo, kuyambira miyezi isanu ya mimba kufikira masabata asanu ndi limodzi atabereka, 140/90 ndi nambala yofuna kuonedwa tsiku lomwelo, ndipo 160/110, kapena mutu waukulu, kuona nyenyezi m'maso, kutupa nkhope, kuwawa pansi pa nthiti kumanja, ndi ulendo wa kuchipatala mosayembekeza kuti kuche.

Manje tinene kuti zonsezo palibe. Nkhope ili bwino, akukamba bwino, akuyenda ngakhale mochenjera. Apa ndiye mubwerere ku kamashini, koma mupime moyenera, chifukwa nambala yoyamba ija, yopimidwa munthu ali wefuwefu ndipo ana akulira, siyodalirika kwenikweni. Ayambe wapita kuchimbudzi ngati ali ndi mkodzo. Akhale pampando wotsamira msana, mapazi onse pansi, mkono uli pa tebulo molingana ndi mtima, lamba pakhungu osati pamwamba pa juzi. Akhale chete mphindi zisanu, osakamba, osayankha foni. Mkono wolendewera m'mbali umakweza nambala, ndipo lamba wamng'ono pa mkono waukulu amaikweza koposa. Pimani kawiri, kusiya mphindi imodzi kapena ziwiri pakati, ndipo lembani zonse zitatu zimene zili pagalasi: SYS ndiyo nambala ya pamwamba, DIA ya pansi, PUL kugunda kwa mtima pa mphindi. Anthu ambiri PUL saiyang'ana. Ikakhala pansi pa 50 kapena pamwamba pa 120 munthu atapuma, kapena mukagwira pa dzanja n'kumva mtima ukudumphadumpha, chizungulire chikhoza kukhala chochokera kumtima, ndipo chimenecho n'chofuna chipatala lero lomwe.

Ndikuuzeni mmene zinayendera ndi aneba anga, amayi a zaka za m'ma 60 amene amagulitsa nsalu kumsika. Unali Okutobala, kutentha kuja koti ngakhale mphepo ya ku Kafue siithandiza. Cha m'ma 06 koloko mwana wawo wamkazi anagogoda pawindo. "Ba neba, bwerani muone amai, bipi yakwera maningi, manje bakamba ati nyumba izungulira." Ndinawapeza atakhala pa bedi, kamashini kali pa miyendo, pagalasi pali 186/104. Mwanayo anali atatulutsa kale mapilisi awiri a amulodipini m'malo mwa limodzi, kapu ya madzi ili m'manja.

Ndinapempha kuti mapilisiwo adikire pang'ono. Amayi anamwetulira bwino, anakweza manja onse, ndipo pokamba anandikalipira kuti ndalowa ndi nsapato, ndiye ndinadziwa kuti lilime lili bwino. Ndinawafunsa mmene chizungulirecho chinayambira. "Mwana wanga, ndinangoti ndinyamuke pa bedi, m'maso munada bii, ndinakhala ngati ndigwa. Nditakhala pansi chinayamba kutha." Yankho limeneli ndi lofunika kuposa nambala. Chizungulire cha m'maso kuda poimirira, chimene chimachepa munthu akakhala, n'chosiyana ndi chija chosalekeza, choti ngakhale atagona nyumba ikuzungulirabe.

Tinawakhazika pampando mphindi zisanu. Kupima koyamba kunapereka 168/96, kwachiwiri 163/94, mtima 88. Palibe piritsi limene anamwa, nambala inatsika ndi pafupifupi 20 chifukwa cha kukhala chete. Kenaka tinachita chimene ndikufuna aliyense wa kamashini adziwe. Anagona pa bedi mphindi zisanu, tinapima, 160/92. Anaimirira mwana atawagwira, tinapima patapita mphindi imodzi, 134/84, ndipo iwo anati, "chabweranso." Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa munthu akaimirira, kapena ya pansi ndi 10, mkati mwa mphindi zitatu, ndiye kuti magazi sakufika bwino kumutu pamene waima. Kwa amayiwa inatsika ndi 26. Choncho munthu yemweyo anali ndi bipi yokwera atakhala, koma chimene chinkamuzunguza mutu chinali bipi yogwa poimirira.

Titafunsafunsa, zinamveka. Kuwonjezera pa amulodipini amamwa piritsi lija lokodzetsa, ndipo dzulo lake anakhala pa sitandi tsiku lonse osamwa madzi okwanira, poopa kulipira chimbudzi cha kumsika kangapo. Usiku anatsegula m'mimba kawiri. Thupi linali louma. Tangoganizani akanamwa mapilisi awiri aja. Nambala ya pagalasi ikanakondweretsa mwana wawo madzulo, koma amayi akanatha kugwa m'bafa n'kuthyola chiuno. Tinawapatsa makapu awiri a madzi, popeza ankameza bwino, ndipo pofika 08 koloko anali pa takisi kupita ku kiliniki ndi mapaketi onse a mankhwala m'chikwama, ndi manambala titawalemba kuseri kwa risiti. Kumeneko anawapima shuga ndi malungo, anawaimitsa piritsi lokodzetsa kwa masiku angapo, n'kuwauza tsiku lobwerera. Amene anasintha mankhwala ndi a ku kiliniki, osati ife a pa windo.

Chifukwa chiyani ndikulimbikira kuti musatsitse bipi mwachangu panyumba? Munthu amene wakhala ndi bipi yokwera zaka zambiri, mitsempha ya ubongo wake inazolowera mphamvu imeneyo. Mukaigwetsa mwadzidzidzi kuchoka pa 190 kufika pa 120, nambala imene kwa mwana wasukulu ndi yabwino, ubongo wake, mtima ndi impso zimasowa magazi. Sitiroko ikhoza kubwera chifukwa cha kutsitsa komweko. Madokotala anaphunzira zimenezi movutikira. Kale kunali chizolowezi choboola kapisozi ka nifedipini n'kuthira pansi pa lilime kuti bipi igwe m'mphindi zochepa, mpaka mu 1996 magazini ya madokotala a ku America yotchedwa JAMA inasindikiza nkhani yosonkhanitsa anthu amene anadwala sitiroko ndi mtima chifukwa cha njira imeneyi, ndi kupempha kuti ilekedwe. Lero ngakhale m'chipatala, pamene bipi yayamba kuononga ziwalo, nthawi zambiri amaitsitsa ndi mankhwala a m'diripi osapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi pa ora loyamba, namwino ali pompo. Ngati iwo amapita pang'onopang'ono ndi zipangizo zonse, ife ndi kapu ya madzi tithamangire chiyani?

Choncho lamulo la mapilisi ndi lalifupi. Ngati munthu anaiwala kumwa a lero, ndipo alibe zizindikiro zoopsa zija, komanso bipi siikugwa akaimirira, amwe mlingo wake wa masiku onse, limodzi ngati ndi limodzi. Osaphatikiza a dzulo ndi a lero. Osabwereka a mlamu, chifukwa a mlamu mwina ndi mtundu umene umachedwetsa mtima kapena wosayenera impso zanu. Ndipo amulodipini si panado. Amagwira pang'onopang'ono, kwa maola ambiri, ndiye kupima pakatha mphindi khumi zilizonse n'kumadandaula kuti "siitsika" kumangokweza mantha, mantha n'kukweza nambala.

Za adyo, mandimu ndi tiyi wa moringa sindilimbana nazo kwambiri. Sizitsitsa bipi pa ora limene mukulifunalo, ndipo choipa chake chachikulu n'chakuti zimadya nthawi: pamene madzi akuwira, munthu wa sitiroko akanakhala atafika ku Parklands. Koma uthenga uja umayenda pa mafoni woti mubaye nsonga za zala ndi singano kuti magazi atuluke, umenewo ufufuteni. Suchiza kanthu.

Nanga nambala ikakana kutsika? Mukapuma n'kupima kawiri ndipo ikadali 180 pamwamba kapena 120 pansi, chizungulire chilipobe, pitani lero lomwe, musadikire tsiku la kiliniki ya bipi. Chizungulire chatsopano pa nambala yotero chiyenera kuonedwa ndi munthu amene angayang'ane m'maso, kumvetsera mtima ndi kupima mkodzo. Ikakhala pakati, monga 150 kapena 165, chizungulire chatha ndipo munthu akuyenda bwino, si nkhani ya usiku, koma aonedwe mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri. Chikabwereranso, kapena chikhala chosalekeza kwa ola lathunthu, musayembekeze. Ndipo zizindikiro za sitiroko zimene zabwera n'kutha zokha pa mphindi khumi, pakamwa kukhota kenaka kuwongoka, musanene kuti Mulungu wayankha basi tigone. Limenelo ndi chenjezo, ndipo sitiroko yeniyeni imakonda kutsatira m'masiku oyambirira.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimabisala kuseri kwa nambala yokwera, ndipo zonse ndi za m'nyumba zathu zino. Choyamba ndi shuga. Ambiri a bipi alinso ndi matenda a shuga, ndipo munthu amene wabaya insulini kapena wamwa mapilisi a shuga osadya nsima amamva chizungulire, thukuta lozizira, kunjenjemera ndi njala, bipi n'kukwera. Ngati muli ndi kopimira shuga, pimani. Ikakhala pansi pa 4, ndipo munthuyo ali maso, akukamba ndi kumeza bwino, sungunulani masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi amwe, mupimenso pakatha mphindi 15, kenaka adye chakudya. Ngati sakudzuka bwino, musathire kanthu m'kamwa, thamangani naye.

Chachiwiri ndi mbaula. Chilala cha 2024 chitaumitsa Kariba, malaiti ankapita maola ambiri, ndipo tonse tinabwerera ku malasha. Mbaula yoyaka m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wopanda fungo umene umabweretsa mutu, chizungulire ndi nseru, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Chizindikiro chake n'chakuti sadwala mmodzi. Ngati agogo ali ndi chizungulire, mdzukulu akudandaula mutu, inunso mukumva kulemera, siyani kamashini, tsegulani mawindo, tulukani nonse pabwalo, ndipo mupite kuchipatala. Mu Juni, nthawi ya mphepo, funso loyamba kwa munthu wodzuka ndi chizungulire likhale lakuti mbaula inagona kuti.

Palinso chizungulire cha m'khutu, chimene chimaopsa koma kawirikawiri sichipha. Chimabwera munthu akatembenuka pa bedi kapena akayang'ana kumwamba, nyumba imazungulira mwamphamvu kwa masekondi osakwana mphindi, kenaka phee mpaka atatembenuzanso mutu. Bipi imakwera ndi mantha. Koma kwa munthu wachikulire wa bipi kapena shuga, amene chamugwira koyamba, ndimakonda kuti a kuchipatala ndiwo anene kuti ndi khutu.

Popita, musanyamule munthu yekha. Tengani mapaketi enieni a mankhwala onse, osati kungoti "tumapilisi toyera tung'ono," chifukwa toyera tung'ono tuli mitundu makumi. Muphatikizepo ndi amene anagula yekha pa kantemba. Mankhwala a msana ndi mawondo monga burufeni ndi daikulofenaki amakweza bipi ndipo amalimbana ndi mapilisi ake, ndipo ena a chimfine amachita chimodzimodzi, koma odwala sawatchula chifukwa sawayesa mankhwala enieni. Ngati dzulo kunali mowa, nenani. Ngati mapilisi anatha masabata awiri apitawo ndipo munali kudikira malipiro, nenaninso, palibe amene adzakumangani, ndipo zimathandiza dokotala kuti asaonjeze mlingo pa mankhwala amene simunali kumwa. Tengani reji, khadi la NHIMA ngati muli nalo, buku la kuchipatala, ndi kamashini komweko kuti akakayerekeze ndi kawo, pakuti tina tikakalamba kapena mabatire akafooka timanama.

Mukabwerako, gulani kabuku ka sukulu. Kwa masiku asanu ndi awiri pimani m'mawa musanamwe mankhwala ndi madzulo musanagone, kawiri nthawi iliyonse, ndipo pambali lembani ngati panali chizungulire ndiponso chimene munali kuchita pamene chinabwera. Panyumba malire ndi 135/85, otsikirapo pang'ono kuposa 140/90 ya ku kiliniki. Kabukuko mukapite nako pa tsiku limene anakulemberani.